Kupimidwa kwaulere pa msika wa Lundazi: chidziwitsocho chinene chiyani?

Pepala lomatidwa pakhoma la shopu pa msika wa Lundazi silikhala lokha. Pambali pake ogula mbewu alemba mtengo wa soya ndi mpendadzuwa, pamwamba pali msonkhano wa chitsitsimutso, ndipo mmunsi wina wamata nambala ya foni ya sing'anga. Pakati pa zonsezi, kiliniki yaing'ono ikufuna kuuza anthu kuti pa tsiku lakuti idzabwera kudzawapima kwaulere. Ili ndi chithunzi chimodzi ndi mizere ingapo pansi pake. Mizere imeneyo ndiyo idzawerengedwa ndi amama a tomato, ndiyo idzatumizidwa pa foni kupita kumidzi, ndipo ndiyo mwana wasukulu adzawerengera agogo ake madzulo. Mafunso ali pansipa ndi amene anamwino, makomiti azaumoyo ndi anthu a pamsika amafunsa pa nkhaniyi.

Kodi mizere yochepa ya pansi pa chithunzi ndi nkhani yochita kukhalira pansi?

Inde, ndipo ine ndinaphunzira zimenezi nditalakwitsa. Chaka china ndinathandiza kiliniki ina kulemba chidziwitso chotere. Tinalemba kuti, "Bwerani nonse, chithandizo chaulere cha matenda osiyanasiyana." Tinaona ngati mawuwo ndi okoma ndi oitana. Tsiku litafika, cha m'ma 11 koloko, kunabwera adada ena achikulire atakweza akazi awo pa njinga. Mayiwo mwendo unali utatupa, pachidendene pali chilonda chomangidwa ndi kansalu. Ananyamuka kwawo tambala woyamba atalira. Pa tebulo lathu panali makina a bipi, kamakina ka shuga, thonje ndi kaundula. Panalibe m'bulu wa mankhwala ngakhale umodzi.

Adadawo sanakalipe. Anangotulutsa pepala lathu m'thumba la jekete, n'kulitambasula, n'kuloza mawu akuti "chithandizo". Anafunsa kuti, "Asisita, nanga apa mwalemba chiyani?" Namwino anasowa choyankha, ndipo ine amene ndinalemba ndinayang'ana pansi. Tinawapezera mayendedwe opita ku chipatala, koma ulendo umene anayenera kupita molunjika unachedwa ndi theka la tsiku chifukwa cha liwu limodzi langa.

Chidziwitso ndi lonjezo. Munthu amasiya benchi lake la malonda, kapena mtedza uli padzuwa, chifukwa cha zimene wawerenga. Zimene kiliniki singathe kuchita pa tsikulo zisalembedwe, ndipo zimene sidzachita koma anthu angaziyembekezere zinenedwe poyera kuti sizidzachitika.

Kupima ndi kuchiza zikusiyana pati? Anthu ambiri amaziona ngati chinthu chimodzi.

Wopita ku chipatala amapita chifukwa chinachake chikumupweteka. Tsiku la kupima ndi la munthu amene akudzimva kuti ali bwino. Cholinga chake ndi kupeza matenda amene amakhala m'thupi zaka zambiri osaonetsa chizindikiro, makamaka bipi yokwera ndi shuga. Munthu angathe kunyamula thumba la chimanga, kupalasa njinga kuchokera kwa Mwase mpaka pa boma, bipi yake ili yokwera iye osadziwa, mpaka tsiku limene mbali imodzi ya thupi idzafa ziwalo kapena impso zidzatopa.

Ndiye kupima kwa pamsika kuli ngati sefa. Kumapatula amene akufunika kuonedwanso ndi amene angapitirize ndi malonda awo. Sikugamula kuti munthu ali ndi matenda, ndipo sikuchiza. Pa chifukwa chimenechi chidziwitso chigwiritse ntchito mawu akuti "kupimidwa" kapena "kuyezedwa", chipewe "chithandizo", "kuchiritsa" ndi "madokotala adzakhalapo" ngati amene adzabwere ndi anamwino awiri ndi kiliniko ofisa mmodzi. Chikhalenso ndi mzere umodzi wa odwala: amene akudwala kwambiri asadikire tsikuli, apite ku chipatala lero.

Nanga mawu akuti "kwaulere" ali ndi vuto lanji? Si ndiwo amakoka anthu?

Amakoka ndithu, koma aliyense amawamva mwake. Ku Zambia boma linachotsa malipiro a m'zipatala zazing'ono za m'maboma akumidzi mu Epulo 2006, nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa, ndipo mu 2012 linachotsa malipirowa m'zipatala zazing'ono za boma dziko lonse. Choncho munthu wa ku Lundazi anazolowera kuti ku kiliniki ya boma salipira kuonedwa, ndipo mankhwala akakhalapo amapatsidwa. Akamva kuti "ulere" amaganiza zonse pamodzi: kupimidwa, kuonedwa ndi mankhwala omwe.

Ngati kilinikiyo si ya boma, nkhawa imakhala ina. Anthu amakayika kuti ulerewo ndi nyambo: adzatipima kwaulere, kenako adzatiuza kuti tili ndi matenda n'kutigulitsa mankhwala. Kukayika kumeneku sindikudzudzula, chifukwa ena zinawachitikirapo.

Njira yothetsera zonsezi ndi kutchula malire a ulerewo. Chaulere n'chiyani kwenikweni? Kupima bipi, kupima shuga, uphungu ndi kalata yopita nayo ku chipatala. Mankhwala adzaperekedwa kapena ayi? Wouzidwa kuti abwerenso kudzapimidwa kachiwiri adzalipira? Funso lomalizali ndi limene makiliniki ambiri amaliiwala, pamene ndi lofunika kuposa onse, pakuti kupima koyamba kopanda kwachiwiri sikumaliza kanthu. Kiliniki imene ikufunadi kuthandiza ipange kupima kwachiwiriko kukhalanso kwaulere, ndipo ilembe choncho.

Chifukwa chiyani bipi ndi shuga zokha? Bwanji osalemba mndandanda wautali kuti anthu abwere ambiri?

Chifukwa choyamba n'chakuti ziwirizi zilipo zambiri. Kafukufuku wa dziko lonse wa matenda osapatsirana amene Unduna wa Zaumoyo wa Zambia unachita mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akulu asanu aliwonse ali ndi bipi yokwera, ndipo pafupifupi anthu 6 mwa 100 ali ndi shuga wokwera. Chachiwiri n'chakuti zimapimika patebulo, m'tenti, ndi zida zokwana m'chikwama chimodzi.

Zina sizitheka pamsika. Kupima khansa ya khomo la chiberekero, ntchito imene inayamba ku Lusaka mu 2006 n'kufalikira m'maboma, kumafuna chipinda chotseka, bedi, nyali ndi namwino wophunzitsidwa kupima ndi viniga. Kiliniki ikhoza kulemba kuti amayi ofuna kupimidwa khansayi adzauzidwa malo ndi tsiku, koma isalembe ngati zidzachitikira pakati pa mabenchi a kapenta. Malungo nawo amapimidwa kwa munthu amene thupi latentha, ndipo akapezeka nawo ayenera kulandira mankhwala pomwepo. Kiliniki yopanda mankhwala a malungo m'bokosi isatchule malungo pa chidziwitso.

Kiliniki idziwa bwanji chiwerengero cha anthu oti iwaitane?

Apa m'pamene pafunika pensulo chidziwitso chisanalembedwe. Tiyerekeze kiliniki ili ndi anamwino awiri, kiliniko ofisa mmodzi, ndi anthu atatu a komiti yazaumoyo ya m'deralo othandiza pa mzere ndi pa kaundula. Ili ndi makina a bipi awiri, kamakina ka shuga kamodzi ndi mabokosi awiri a timapepala topimira shuga, bokosi lililonse timapepala 50.

Kupima bipi moyenera sikuthamangiridwa. Munthu ayambe wakhala pansi mphindi 5 asanapimidwe. Zimenezi zingachitikire pa benchi lodikirira, bola likhale pamthunzi. Akafika patebulo akhale motsamira msana, mapazi pansi, miyendo yosapingasa, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, ndipo asalankhule. Namwino apime kawiri, kusiyanitsa mphindi imodzi kapena ziwiri, alembe, afotokoze. Zonsezi zimatenga mphindi ngati 6. Kuyambira 08:00 mpaka 13:00 ndi mphindi 300. Tebulo limodzi lidzapima anthu 50, matebulo awiri anthu 100. Ameneyo ndiye malire.

Tsopano taonani mbali imene ambiri saiwerengera. Ngati mmodzi mwa asanu apezeka ndi bipi yokwera, pa anthu 100 padzakhala anthu ngati 20 ofunika kukhala pansi ndi kiliniko ofisa. Aliyense akatenga mphindi 10 zofunsidwa mbiri yake, kulangizidwa ndi kulemberedwa kalata, ndi mphindi 200, maola atatu ndi mphindi 20. Munthu mmodzi yemweyo ntchito yamukwanira kale. Kiliniki ikaitana "nonse" n'kubwera anthu 300, chimene chimachitika n'chodziwika: anamwino amayamba kupima kamodzi kokha, munthu atangofika wefuwefu, pamwamba pa juzi, ndipo manambala amatuluka onama. Ena athanzi amapita kwawo ndi mantha, ena odwala amapita kwawo ndi mtendere wabodza. Walira mvula walira matope: woitana khamu akonzekere khamulo.

Timapepala ta shuga nato ndi 100, koma ena 10 asungidwe obwerezera pamene nambala yakayikitsa kapena dontho la magazi lachepa. Atsala 90, ndipo kamakina n'kamodzi. Ndiye shuga asapimidwe aliyense. Ayambe a zaka 40 kupita m'tsogolo, onenepa kwambiri, amene kwawo kuli wodwala shuga, ndi amene ali ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi kapena kuonda kosadziwika chifukwa. Mnyamata wa zaka 19 wathanzi akadziwiratu zimenezi pa chidziwitso sadzakwiya pamzere.

Chidziwitso chinene poyera kuti adzapimidwa ndi anthu 100 oyamba, ndipo makadi a manambala aperekedwe m'mawa. Makadiwa amathandiza kwambiri amalonda: amama a tomato akatenga nambala 64 akhoza kubwerera pa benchi lawo n'kudzabwera nthawi yawo ikayandikira, malonda osaima.

Tsiku, nthawi ndi malo zilembedwe motani?

Tsiku lilembedwe ndi dzina lake ndi deti lomwe, chifukwa pepala limakhala pakhoma milungu ingapo ndipo uthenga wa pa foni umazungulira ngakhale tsiku litapita. "Lachitatu likubwerali" silitanthauza kanthu kwa munthu amene waliwerenga mochedwa. Loweruka lili ndi zovuta ziwiri. Choyamba, a mpingo wa Sabata sadzabwera. Chachiwiri, dzina lake limasiyana: Mtumbuka amati Chisulo, m'Chinyanja cha ku Zambia ndi Ciwelu, pamene wochokera ku Malawi amati Loweruka. Deti la manambala limathetsa chisokonezo chimenechi. Nthawi ilembedwe mmene anthu a ku Zambia anazolowera, 08:00 mpaka 13:00, ndipo nthawi yotsekera isasiyidwe.

Nyengo nayo isankhidwe ndi maso. M'dzinja anthu ali kumunda ndipo misewu ina siyendeka. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, zokolola zikamagulitsidwa, anthu akumidzi amafika okha pa boma. Ofuna kulumikiza tsikuli ndi masiku odziwika angakumbukire kuti 17 Meyi ndi tsiku loganizira bipi padziko lonse, ndipo 14 Novembala ndi la shuga, koma mu Novembala kumatentha ndipo timapepala ta shuga timaonongeka tikakhala padzuwa kapena botolo likasiyidwa chitsegukire.

Kunena kuti "pa msika" sikukwana. Tchulani chinthu chimene aliyense amachidziwa: pafupi ndi ofesi ya msika, kapena mbali ya kokwerera mabasi a ku Chipata. Malowo akhale atavomerezedwa kale ndi khonsolo ndi komiti ya msika, ndipo ofesi ya zaumoyo ya boma la Lundazi ikhale ikudziwa. Musasindikize pepala malo asanatsimikizike.

Chilembedwe m'chilankhulo chiti?

Ku Lundazi funso ili ndi lenileni. Anthu ambiri amalankhula Chitumbuka, Achewa a kwa Mwase aliponso, ndipo kusukulu m'chigawo cha Kummawa ana amaphunzira kuwerenga Chinyanja. Choncho pali anthu ambiri amene amawerenga Chinyanja mosavuta koma nkhani imawafika pamtima ikanenedwa m'Chitumbuka. Pamsika pamafikanso anthu a ku Mzimba odzera pa chipata cha Lusuntha.

Maganizo anga ndi akuti pepala likhale m'Chinyanja ndi m'Chitumbuka, mizere yofunika kwambiri ikhale m'zonse ziwiri, monga "simulipira" ndi "kwambura kulipira". Chingerezi chokha chimafika kwa aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'maofesi, amene ambiri a iwo ali nayo kale njira yopimitsira. Mawu a matenda akhale amene anthu amanena pakamwa: bipi ndi shuga. Ndipo poti si onse amawerenga, mawu omwewo, osasintha ngakhale nambala imodzi, aperekedwe ku wailesi ya Chikaya, kwa mafumu, m'mipingo ndi kwa wolengeza ndi chimkuzamawu m'mawa wa tsikulo. Ngozi ya kulengeza pakamwa ndi yakuti wolengeza amakometsera. Pepala likuti anthu 100, iye akuti "bwerani nonse, madokotala afika". Mpatseni cholembedwa, muwerenge naye limodzi kamodzi.

Tilembe kuti anthu abwere asanadye, popeza shuga amapimidwa munthu ali ndi njala?

Ayi, pa tsiku la pamsika musalembe zimenezo. N'zoona kuti muyezo wodalirika kwambiri wa shuga ndi wa munthu amene wakhala maola 8 osadya. Pamenepo nambala ya 7.0 mmol/L kapena kuposa imaloza ku shuga. Koma taganizirani munthu wa nambala 85, amene wayenda mtunda m'mawa ndipo adzapimidwa masana. Choopsa kwambiri ndi cha amene akumwa kale mankhwala a shuga kapena kudzibaya insulini: akamwa mankhwala osadya, shuga amatsika mpaka munthu kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kukomoka pamzere.

Lembani kuti adye monga mwa masiku onse, ndipo amene ali pa mankhwala amwe, abweretse mapaketi ake ndi kadi la kuchipatala. Namwino adzafunsa kuti, "Amama, mwadya nthawi yanji?" n'kulemba yankho pafupi ndi nambala. Kwa munthu amene wadya, nambala ya 11.1 kapena kuposa ndiyo imapereka chikayiko chachikulu, makamaka ngati ali ndi zizindikiro zija. Iye, pamodzi ndi amene nambala yawo yayandikira pamenepo, amauzidwa kubwera ku kiliniki m'mawa wina asanadye.

Pali kanthu kakang'ono ka pamsika kamene kamanamiza makina. Wogulitsa nzimbe, nthochi kapena malalanje amakhala ndi zotsekemera pa zala. Chala choterocho chikabayidwa chosasambitsidwa, nambala imakwera pamene magazi ali bwino. Pakhale ndowa ya madzi ndi sopo, munthu asambe m'manja n'kuumitsa asanabayidwe. Pa bipi, chofanana nacho ndi fodya, khofi ndi ntchito yolemetsa m'mphindi 30 zapitazo, chikhodzodzo chodzadza, ndi lamba wa makina wocheperapo pa mkono waukulu, amene amakweza nambala. Kiliniki inyamule lamba wamkulu ndi mabatire apadera.

Munthu akapezeka ndi nambala yokwera, chimatsatira n'chiyani? Ndipo chidziwitso chikukhudzidwa bwanji?

Tiyeni titsatire munthu mmodzi. Mayi wa zaka 52, wogulitsa tomato, nambala 64. Sakumva kupweteka kulikonse. Kupima koyamba kwatulutsa 158/98, kwachiwiri 154/96. Malire amene Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse linaika ndi 140/90, ndipo limati nambala ikhale yokwera pa masiku awiri osiyana munthu asanauzidwe kuti ali ndi bipi. Choncho namwino sanena kuti, "Muli ndi bipi." Amanena kuti, "Amama, lero nambala yanu yakwera. Tikufuna tidzakupimeninso sabata yamawa kuti titsimikize." Amawalembera kapepala kokhala ndi manambala onse awiri, deti la lero, ndi tsiku ndi malo odzapimidwanso. M'kaundula amalembamo mudzi wawo kapena benchi lawo ndi nambala ya foni ngati avomera. Akadzapezekanso yokwera, m'pamene amayamba kukambirana za mankhwala, za mchere ndi za kapimidwe ka mwezi ndi mwezi.

Wina ndi bambo amene makina aonetsa 186/114, ndipo akudandaula mutu waukulu ndi kuona mwachimbuuzi. Ameneyu sadikira sabata yamawa. Nambala ya 180/110 kapena kuposa pamodzi ndi mutu woopsa, kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino kapena kufooka kwa mbali imodzi ndi nkhani ya ku chipatala cha boma cha Lundazi tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera amene wafika 140/90 nayenso aonedwe tsiku lomwelo. Kiliniki ikhale itakonzeratu galimoto kapena njinga yamoto, ndipo chipatala chikhale chitauzidwa kuti pa tsikuli kungabwere anthu ochokera pamsika.

Pali nkhani ina ya Lundazi yeniyeni. Mu 2018 Chasefu ndi Lumezi zinapatulidwa kukhala maboma paokha, koma anthu a kumeneko amabwerabe kudzagula ndi kugulitsa pa msika wa Lundazi. Munthu wa ku Lumezi mukamuuza kuti abwerenso pa boma sabata yamawa, mwamuuza kuti alipire ulendo wina, ndipo mwina sabwera. Kalata yake ilembedwe yopita ku chipatala kapena kiliniki ya kufupi ndi kwawo.

Zonsezi zimalowa m'chidziwitso mwa mzere umodzi: wopezeka ndi vuto adzalandira kalata ndi tsiku lodzapimidwanso. Ngati kiliniki siingathe kulemba mzere umenewu moona, ndinganene mosabisa kuti tsiku lake silinakonzeke, ndipo lidikire. Kuuza munthu kuti nambala yake ndi yoopsa n'kupasula tenti madzulo osamusiyira kolowera ndi kumuonjezera katundu.

Nanga HIV? Ndipo chithunzi chikhale cha ndani?

Ngati kupima HIV kudzakhalapo, kulembedwe monga chinthu chimodzi mwa zingapo, ndi mawu akuti "kwa ofuna, mwachinsinsi". Pamsika aliyense amadziwa mnzake. Tenti yolembedwa HIV pakhomo, anthu ambiri sadzailowa pamaso pa apongozi awo ndi makasitomala awo. Njira yabwino ndi yakuti aliyense, atapimidwa bipi, adutse m'kachipinda kamodzimodzi kolandirira uphungu, kuti wakunja asadziwe chimene chakambidwa m'katimo. Pakhalenso mlangizi wophunzitsidwa, zida zotsimikizira zotsatira, ndi njira yofikitsira munthu koyambira mankhwala. Popanda zimenezi, HIV isatchulidwe.

Chinsinsi chimakhudzanso bipi ndi shuga. Namwino asafuule manambala a munthu kwa wolemba amene ali patali. Lamulo la Zambia la 2021 loteteza mbiri za anthu limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo kaundula wa tsikulo si woti azisiyidwa patebulo aliyense n'kumasuzumira.

Pa chithunzi, musatenge nkhope ya wodwala amene anabwera ku kiliniki chaka chatha n'kuimata pamsika popanda chilolezo chake. Anthu adzayamba kufunsana kuti akudwala chiyani. Chithunzi chabwino ndi cha mkono uli ndi lamba wa makina a bipi, kapena cha namwino wa kilinikiyo amene wavomera, atavala yunifomu. Chimauza ngakhale wosawerenga chimene chidzachitike. Zithunzi za azungu ovala makoti oyera m'zipatala zakunja zimalonjeza zimene sizidzakhala m'tentimo.

Ine wowerenga ndingadziwe bwanji kuti chidziwitso n'choona, si cha ofuna kundidyera ndalama?

Yang'anani dzina la kiliniki ndi komwe ili. Chipatala chilichonse ku Zambia chimayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe la HPCZ, ndipo kiliniki yoona siopa kudzitchula kapena kufunsidwa. Yang'anani ngati atchula zimene adzapime, chimodzichimodzi. Chenjerani ndi amene amati ali ndi makina oti mukagwira ndi dzanja amaona matenda onse a m'thupi, chiwindi, impso, magazi ndi mafupa, m'mphindi ziwiri. Makina otero mulibe m'chipatala chilichonse chovomerezeka, ndipo kawirikawiri pambali pake pamakhala tebulo la mabotolo ogulitsa. Chenjeraninso ndi aliyense wokuuzani kuti musiye mankhwala a bipi, a shuga kapena ma ARV amene munapatsidwa ku chipatala. Mukakayika, funsani ku ofesi ya zaumoyo ya boma kapena kwa a komiti yazaumoyo ya kwanu ngati akulidziwa tsikulo.

Tsono chidziwitso chonse chingaoneke bwanji?

Kwa kiliniki ya m'chitsanzo chathu, pansi pa chithunzi cha mkono uli pa makina, ndingalembe motere:

KUPIMIDWA BIPI NDI SHUGA KWAULERE
Lachitatu, 12 Juni, 08:00 mpaka 13:00, m'tenti yoyera pafupi ndi ofesi ya msika wa Lundazi.
Bipi: aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo.
Shuga: a zaka 40 kupita m'tsogolo, ndi amene ali ndi ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi.
Tidzapima anthu 100 oyamba. Makadi a manambala kuyambira 07:30.
Simulipira kanthu. Mankhwala sitidzapereka pa tsikuli. Wopezeka ndi vuto adzalandira kalata ya ku chipatala, ndipo kudzapimidwanso ku kiliniki kwathu n'kwaulere.
Idyani monga mwa masiku onse. Ngati muli pa mankhwala, imwani, ndipo mubweretse mapaketi ndi kadi lanu.
Amene akudwala kwambiri asadikire tsikuli, apite ku chipatala lero.

Pansi pake pabwere dzina la kiliniki, komwe ili, ndi nambala ya foni imene wina adzayankhadi. Ena adzati ndi mawu ambiri kwa pepala la pakhoma. Mutu, tsiku ndi malo zilembedwe ndi zilembo zazikulu zooneka munthu ali chapatali. Zotsalazo wofuna kubwera adzayandikira n'kuwerenga, chifukwa ulendo ndi wake.

Musanasindikize, tengani pepalalo mupite nalo pamsika pomwepo. Pezani amama mmodzi wa masamba, adada mmodzi wa njinga zonyamula katundu, ndi agogo mmodzi amene wina adzawawerengere. Akamaliza, afunseni mafunso anayi: Kudzachitika chiyani? Liti ndipo pati? Mudzalipira zingati? Mankhwala mudzalandira? Wina akayankha molakwika, vuto lili pa pepala, bwererani mukalikonze. Inu a kiliniki, chitani zimenezi kudakali milungu iwiri tsiku lisanafike, ndipo tsikulo likadutsa mukamatule mapepala onse pamakoma, kuti wina asadzanyamuke kumudzi m'bandakucha kutsata tenti imene inapasulidwa kale.